Nyenyezi pa Wailesi ya M'dera: Uthenga Wokoma Koma Wosalonjeza

Pa 21 Ogasiti 1930, banja lachifumu la ku Britain linalandira mwana wamkazi, Margaret, mng'ono wake wa Elizabeth amene anadzakhala mfumukazi. Nyuzipepala zonse zinali kalikiliki kulemba za khandalo, ndipo mkonzi wa Sunday Express, John Gordon, ankafuna nkhani imene anzake analibe. Ntchitoyo inagwera wopenda nyenyezi wina dzina lake R. H. Naylor, amene analemba za tsogolo la mwanayo potengera malo a dzuwa, mwezi ndi mapulaneti pa tsiku limene anabadwa. Nkhaniyo inatuluka pa 24 Ogasiti, ndipo owerenga anaikonda moti Naylor anauzidwa kuti alembenso.

Patangopita milungu yochepa, iye analemba kuti chombo china chouluka cha dziko la Britain chili pangozi. Pa 5 Okutobala chibaluni chachikulu chonyamula anthu chotchedwa R101 chinagwa kufupi ndi tauni ya Beauvais ku France, anthu 48 n'kufa. Naylor sanatchule dzina la chombo, koma zimenezo anthu analibe nazo ntchito. Kwa iwo munthuyo anali ataonadi zam'tsogolo. Anapatsidwa danga la sabata ndi sabata, ndipo m'zaka zotsatira anayamba kugawa owerenga onse m'magulu 12 potengera tsiku lobadwa lokha, gulu lililonse ndi kandime kake. Horosikopu imene imapezeka m'manyuzipepala ndi pa mawailesi lero inamera pamenepo.

Wailesi ya m'dera ikafuna kukhala ndi chigawo choterechi, imakumana ndi vuto limene nyuzipepala ya ku London inalibe. Pa mawailesi monga Dzimwe ku Mangochi, Mudziwathu ku Mchinji kapena wailesi ya ku Nkhotakota, muulutsi si mlendo. Omvera amakumana naye pamsika, kuchigayo ndi pamaliro, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene amamvera za katemera, mtengo wa chimanga ndi uthenga wachisoni. Akangotsiriza kulengeza tsiku la katemera n'kunena kuti obadwa mu Seputembala apeza ndalama sabata ino, womvera ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti mauthenga awiriwa ndi olemera mofanana. Luso lonse la wolemba chigawochi lagona pa kusangalatsa ndi kulimbikitsa munthu popanda kumupatsa lonjezo limene angakaike pa ilo ndalama, thupi kapena banja lake.

Choyamba wolemba ayenera kudziwa chimene wagwira m'manja. Mu 1948 katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso oyeza khalidwe. Patapita masiku anapatsa aliyense pepala lofotokoza mtima wake, n'kuwauza kuti apereke malikisi, kuyambira 0 mpaka 5, osonyeza mmene pepalalo lawalondolera. Malikisi apakati anafika cha pa 4.3. Apo m'pamene Forer anaulula kuti onse analandira pepala limodzimodzi, ndipo ziganizo zake zambiri anazitola m'kabuku ka zopenda nyenyezi kogulitsa m'misewu. Zinali ziganizo zonena kuti munthuyo amafunitsitsa kuti ena azimukonda, amadziimba mlandu kawirikawiri, ndiponso ali ndi luso lambiri limene sanaligwiritsebe ntchito. Ndani angakane zimenezo?

Ofufuza ena anadzaona kuti mawu oterewa amakhulupirika kwambiri akakhala okoma, ndiponso akachokera kwa munthu amene womverayo amamudalira. Apa pali msampha umene olemba amitima yabwino sauona. Amaganiza kuti poti uthenga wawo ndi wokoma ndiye kuti sungapweteke, chikhalirecho kukomako n'kumene kumatsegula khutu. Mayi amene wamva kuti ndi wopirira ndiponso amaganizira ena amavomera mumtima kuti akunena ine, ndipo chiganizo chotsatira chimalowa osachifunsa. Ngati chiganizo chotsatiracho chikunena kuti bizinesi imene ayambe sabata ino ipindula, kuyamika kuja kwagwira ntchito ya nyambo.

Nanga nyenyezizo zimalosadi? Zikayesedwa, sizipambana. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Shawn Carlson, amene anapatsa openda nyenyezi chithunzi cha thambo pa nthawi imene munthu anabadwa, pamodzi ndi mapepala atatu ofotokoza khalidwe, limodzi lokha ndilo la munthuyo. Analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, monga mmene angachitire aliyense wongolota. Wolemba safunika kukangana ndi omvera ake pa zimenezi pa wailesi, koma azilemba akudziwa kuti mphamvu ya chigawo chake ili m'mawu amene iye mwini wasankha, ndipo ngati alakwika mlandu ndi wake.

Kumwamba kumangopereka mutu wa nkhani. Njira imene olemba ambiri amatsata ndi yosavuta. Amatsegula efemerisi, buku la matebulo losonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zili tsiku lililonse, n'kusankha chinthu chimodzi chachikulu cha sabatayo, kawirikawiri mwezi watsopano kapena mwezi wathunthu. Kenako amawerenga zimene openda nyenyezi amazitcha nyumba. Nyumbazi zilipo 12, ndipo iliyonse ili ndi nkhani yake: yoyamba ndi ya munthu mwini, yachiwiri ya chuma, yachinayi ya pakhomo, ya 6 ya thanzi ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, ya 7 ya ukwati, ya 10 ya udindo, ndipo ya 12, malinga ndi mabuku akale, ndi ya zobisika ndi adani amseri. Polembera gulu lililonse, chizindikiro cha gululo chimatengedwa ngati nyumba yoyamba, n'kuwerenga kupita kutsogolo mpaka kufika pamene pali mwezi.

Chitsanzo chabwino ndi sabata ya pa 2 Okutobala 2024, Lachitatu limene mwezi unakhala watsopano. Pa kawerengedwe ka openda nyenyezi a kumadzulo, mweziwo unali m'chizindikiro cha Sikelo, chimene manyuzipepala amachilemba kuti Libra. Akatswiri a zakuthambo angatsutse pomwepo kuti tsikulo dzuwa ndi mwezi zinali kutsogolo kwa gulu la nyenyezi la Namwali, chifukwa dziko limapendekeka pang'onopang'ono ndipo zizindikirozi zinasuntha pafupifupi malo amodzi kuchokera pamene zinakhazikitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akunena zoona, koma wolemba horosikopu amatsata kalendala yake yakale ija.

Mwa kawerengedweko, kwa a Namwali, obadwa kuyambira 23 Ogasiti mpaka 22 Seputembala, mweziwo ukugwera m'nyumba yachiwiri, ya chuma. Kwa a Ng'ombe ukugwera m'nyumba ya thanzi, kwa a Nkhosa m'nyumba ya ukwati, ndipo kwa a Chinkhanira m'nyumba ya adani amseri. Sabata imodzi yokha yabweretsa nkhani zinayi zimene zingaononge munthu.

Wolemba wothamanga angalembere a Namwali motere: "Sabata ino ndalama zikukutsatani. Chilichonse chimene mungayambe chipindula, ndiye musaope kutaya pang'ono. Nambala yanu yamwayi ndi 7." Zikumveka bwino, ndipo palibe mawu oipa ngakhale amodzi. Koma kumayambiriro kwa Okutobala anthu amakhala akusosa m'minda, ndipo kandalama kamene kali m'nyumba ndi ka mbewu ndi feteleza. Pakati pa omvera pali mnyamata amene akulimbana ndi mtima wofuna kukabetcha pa mpira, palinso mayi amene akuganiza zokakongola ku banki m'khonde kapena kwa akatapila kuti akaode tomato. Uthengawu wawakankha onse awiri. Nambala yamwayi ndiyo yosafunika n'komwe, chifukwa ntchito yake yodziwika ndi yanjuga.

Mutu womwewo ungalembedwe motere: "A Namwali, sabata ino maganizo ali pa za m'thumba. Mvula yayandikira, ndipo mbewu, feteleza ndi za kusukulu zikufuna ndalama nthawi imodzi. Pezani madzulo amodzi mukhale pansi ndi kope ndi cholembera, muone zimene zalowa ndi zimene zikutuluka. Mwakhala mukuyesetsa, ndipo zochepa zimene mwasungazo si zonyozeka." Nkhani ikadali ya chuma, womvera wayamikidwa, ndipo wapatsidwa chochita. Chimene chachotsedwa ndi ulosi wokha.

Muyeso wake ndi funso limodzi limene wolemba amafunsa chiganizo chilichonse: munthu atachita ndendende zimene zanenedwazi, nyenyezi n'kukhala kuti zinanama, ataya chiyani? Amene wawerengetsa ndalama zake m'kope wataya ola limodzi la madzulo, mwinanso wapindula. Amene wabetcha ndalama za feteleza wataya chakudya cha chaka.

Ena amaganiza kuti kuika "mwina" kapena "n'kutheka" kutsogolo kwa lonjezo kumalichotsa ululu. Papepala zingathandize, chifukwa wowerenga angabwerere n'kuonanso. Wailesi imamveka kamodzi kokha, nthawi zambiri munthu ali pa ntchito ina, akusenda mbatata kapena akupalasa kabaza, ana akuchita phokoso. Pa chiganizo chakuti "mwina mupeza ndalama Lachisanu", chimene chimatsala m'mutu ndi ndalama ndi Lachisanu. Choncho m'malo mofewetsa lonjezo ndi bwino kulichotseratu, n'kulankhula za zimene womvera angachite yekha, osati zimene zimuchitikire.

Pa thanzi lamulo ndi lolimba kuposa apa. Chiganizo chonga "matenda amene akhala akukuvutitsani atha sabata ino" chingamveke ngati chifundo, koma chikumveredwanso ndi munthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a chifuwa chachikulu kapena otalikitsa moyo, ndipo watopa nawo. Kuchenjeza za matenda amene akubwera n'koipa chimodzimodzi, chifukwa kumagoneka munthu ndi mantha opanda mutu. A Ng'ombe, obadwa kuyambira 20 Epulo mpaka 20 Meyi, angauzidwe chonchi: "Dzuwa la Okutobala silinyengerera munthu. Ntchito yolemetsa igwireni kudakali m'mawa, madzi azikhala pafupi, ndipo kupuma pang'ono masana si ulesi. Ngati muli ndi tsiku lokaonana ndi adokotala, musalidumphe."

Za ukwati zimakopa olemba chifukwa ndizo omvera amazitchera khutu kwambiri. "Amene muli nayeyo si wanu, wanu weniweni ali m'njira" ndi chiganizo chimene chingautse mafoni ambiri ku situdiyo, komanso chingathe kufika m'nyumba imene mwavuta kale. Uthenga wa a Nkhosa ungangonena kuti sabata ino ndi yabwino kumvetsera mnzako mpaka amalize kulankhula, kaya ndi wapabanja, mnzako wa bizinesi kapena m'bale. Kuutambasula chonchi kumathandizanso kuti amasiye ndi osakwatira asamve ngati aiwalidwa. Wolemba asapitirirenso mbali inayo n'kumauza anthu kuti apirire zivute zitani, poti ena mwa omvera akumenyedwa, ndipo amene angawathandize ndi ankhoswe, apolisi ndi a zachitukuko cha anthu, osati mwezi.

Nyumba ya 12 ndi imene imafuna kusamala kwa mtundu wina kuno kwathu. M'horosikopu zolembedwa kunja, mawu akuti wina wapafupi sakukufunirani zabwino amawerengedwa ngati nkhani ya miseche ya kuofesi. Akawerengedwa m'Chichewa, m'mudzi mmene mwana wadwala mwadzidzidzi kapena mbuzi zafa motsatizana, amamveka ngati kuombeza, ndipo maso a banja lonse amatembenukira kwa munthu wina, kawirikawiri gogo wokhala yekha. Ku Malawi okalamba akhala akumenyedwa, kuthamangitsidwa m'midzi ngakhale kuphedwa chifukwa chowaganizira ufiti, ndipo lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Muulutsi sangatchule dzina, koma akakhala kuti wapereka chala choti ena akalozere, wachita mbali yake. N'chifukwa chake mawu onena za nsanje, adani, diso loipa kapena munthu amene akutchinga mwayi sayenera kupezeka m'chigawochi ngakhale mwanthabwala.

Mwayi wake, nyumba yomweyo imatanthauzidwanso kuti ndi ya kukhala pawekha ndi kupumula, ndipo mbali imeneyi ndi yokwanira. Kwa obadwa kuyambira 23 Okutobala mpaka 21 Novembala pangalembedwe kuti: "A Chinkhanira, mwakhala mukusenza zambiri osauza munthu. Sabata ino dzipatseni kanthawi kachete, ngakhale pakhonde anthu atagona. Ngati pali chimene chikukusowetsani tulo, chifotokozereni munthu mmodzi amene mumamukhulupirira."

Malire amenewa si maganizo a olemba osamala okha. Ku Britain, kwawo kwa horosikopu ya m'nyuzipepala, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la Ofcom lili ndi malamulo okhudzanso mawailesi a m'madera. Amanena kuti mapulogalamu a zoombeza ndi zina zotere akakhala ongosangalatsa, omvera auzidwe zimenezo momveka, ndiponso asapereke kwa munthu payekha malangizo otha kusintha moyo wake. Nkhani zimene amatchula ndi thanzi, chuma, ntchito ndi maubwenzi. Malamulowo ndi a dziko lawo. Wailesi ya ku Malawi imayendera chiphaso chake cha ku MACRA, ndipo mkulu wa mapulogalamu ayenera kuona zimene chiphasocho chikunena asanayambitse chigawo. Komabe mndandanda wa nkhani zinayizo ndi wothandiza kulikonse, ndipo wolemba wa kuno angangoonjezerapo yachisanu, ya adani ija.

Kukopera horosikopu za kunja n'kungozitanthauzira kuli ndi vuto linanso, laling'ono koma loseketsa. Zambiri zimalembedwa kumpoto kwa dziko lapansi, ndiye mu Disembala zimalankhula za kuotha moto m'nyumba kunja kukuzizira, pamene womvera wa ku Mchinji ali m'munda kupalira thukuta lili kamukamu. Uthenga umamveka wapafupi ukamatchula zimene anthu akuchitadi sabatayo: kukolola, kugulitsa fodya, mayeso a ana, nsomba zikasowa panyanja chifukwa cha mwera.

Nthawi nayo imalamula kalembedwe. Chigawo cha mphindi 6 chili ndi masekondi 360. Akachotsapo 30 a malonje ndi 30 otsanzikira, patsala 300, kutanthauza masekondi 25 pa chizindikiro chilichonse. M'Chichewa amenewo ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zazifupi, ndipo gawo lina la nthawiyo limapita pa kutchula masiku obadwa, amene ayenera kunenedwa sabata iliyonse chifukwa omvera ambiri sadziwa gulu lawo. Njira yodziwira ngati zakwana ndi kuwerenga mokweza wotchi ili pambali. Chiganizo chimene chikuthetsa mpweya muulutsi asanafike kumapeto chiyenera kudulidwa pawiri. Ndi bwinonso kusunga zolemba za masabata apitawa, chifukwa popanda kutero wolemba amapezeka kuti wauza gulu limodzi kuti lipumule masabata anayi otsatizana, kapena gulu lina limangolandira zochenjeza pamene lina limangoyamikidwa. Omvera amazindikira msanga.

Malonje aja ndi pamene pamanenedwa poyera kuti chigawochi n'chiyani, ndipo sayenera kuwerengedwa mothamanga ngati chinthu chochititsa manyazi. Angamveke chonchi: "Omvera athu, yakwana nthawi ya nyenyezi za sabata ino. Izi ndi zocheza ndi zolimbikitsana, si ulosi ayi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ife pano sitidziwa za mawa. Za thupi lanu funsani achipatala, za ndalama zanu ganizani mofatsa." Mawuwa amalemekezanso omvera ambiri achikhristu ndi achisilamu amene chipembedzo chawo sichilola kupenda nyenyezi. Wailesi ya m'dera ndi yawonso, ndipo komiti yake ili ndi ufulu wonena kuti chigawo chotere sichikufunika kwawoko. Kumene chaloledwa, chisaikidwe moyandikana ndi nkhani, malengezo a zaumoyo, kapena malonda a kubetcha ndi a asing'anga olonjeza mwayi, chifukwa zikatsatizana chimodzi chimabwereka mphamvu kwa chinzake. Agogo amene sadziwa tsiku lawo lobadwa angauzidwe kuti asankhe uthenga umene wawakomera, ndipo zimenezo zimatheka bwinobwino ngati mauthenga onse 12 alembedwa mosalonjeza.

Povuta kwambiri ndi pamene foni yalira. Zolembedwa zimakonzedwa modekha, koma woimba foni amabwera ndi funso lake lenileni: anabadwa pa 3 Epulo, wapeza ntchito ku Joni, apite kapena asapite? Apa nkhani yachoka pa gulu la anthu zikwi n'kufika pa munthu mmodzi amene angagulitse njinga mawa kuti apeze thiransipoti. Muulutsi ayenera kukhala ndi yankho lokonzeratu, lolembedwa pansi pa pepala lomwelo, kuti asapeke mawu ali pampanipani: "Achimwene, zikomo poimba. Nkhani yanuyi ndi yaikulu, nyenyezi sizingakusankhireni. Kambiranani ndi akubanja, fufuzani ngati ntchitoyo ilipodi ndiponso ngati mapepala anu ali bwino, kenako muganize nokha." Ngati woimbayo akulira, kapena watchula zomenyedwa kapena zofuna kudzipweteka, muulutsi amamuchotsa pa mphepo mwaulemu n'kuika nyimbo, ndipo wina wa mu situdiyo amapitiriza naye pambali. Pachifukwa chimenechi, manambala a chipatala chapafupi ndi a ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza azikhala olembedwa pakhoma la situdiyo pulogalamu isanayambe.